Kuzizira kwa Dedza ndi miyala ya mu impso

Lero tikambirana za miyala imene imapangika mu impso. Ambirife tikamva za matendawa timati ndi a anthu a kuchigwa, a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene thukuta limayenderera usana ndi usiku. N'zoona kuti kutentha kumachulukitsa miyalayi. Koma ife a kumtunda kuno tili ndi vuto lathulathu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye munthu amatha tsiku lonse osamva ludzu. Pamene sakumva ludzu samwanso madzi, chonsecho thupi lake likutaya madzi m'mpweya umene akupuma komanso m'thukuta limene likuuma asanalione. Mwala wa mu impso umayambira pamenepo, pa mkodzo wochepa.

Choyamba tichotse maganizo amene ndimawamva kawirikawiri m'misika mwathu. Ena amati mwala wa mu impso ndi timiyala tija timatsalira mu mpunga kapena mu nyemba zosasankha bwino. Ena amati ndi nthanga za matimati kapena za magwafa. Ayi ndithu. Chimene mwameza chimadutsa m'mimba ndi m'matumbo, n'kutuluka ndi chimbudzi. Palibe njira yoti kamwala kachoke m'matumbo n'kukalowa mu impso. Mwala wa mu impso umapangika mu impso momwemo, kuchokera ku michere imene inasungunuka m'magazi.

Impso zathu ziwirizi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku. Pafupifupi onsewo zimawabwezera m'thupi, n'kungotulutsa lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, umene ndi mkodzo. Mu mkodzo umenewu muli zinthu zimene thupi likufuna kutaya, ndipo zina mwa izo sizisungunuka msanga. Taganizirani kapu ya tiyi. Mukathiramo masupuni awiri a shuga, amasungunuka onse. Mukathira masupuni khumi m'theka la kapu, wina amakhazikika pansi ngakhale mutatakasa bwanji. Mkodzo nawo uli ndi malire ake. Madzi akachepa koma michere n'kukhala yomwe ija, timibulu ting'onoting'ono timayamba kuundana. Tambiri timakokoloka osaoneka. Kena kamakanirira pakhoma la mkati mwa impso, anzake n'kumamatirapo, mwezi ndi mwezi, mpaka kukhala mwala. Nthawi yonseyi munthu samva kanthu. Ululu umadza tsiku limene mwalawo wathothoka n'kulowa m'kampope kotsitsa mkodzo kupita kuchikhodzodzo, kamene ndi kotalika masentimita 25 mpaka 30 koma kopapatiza, mamilimita atatu kapena anayi basi.

Miyalayi si yamtundu umodzi, ndipo kusiyana kwakeko n'kumene kumatiuza chochita. Mtundu umene uli ponseponse ndi wa kashiamu. Pa miyala khumi iliyonse, isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu imakhala ya mtundu umenewu, ndipo yambiri mwa iyo ndi kashiamu amene wagwirana ndi asidi wina wotchedwa okisaleti. Kashiamu timamudziwa, ndi mchere womanga mafupa ndi mano. Okisaleti wina amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, wina amachokera m'masamba ndi mbewu zina. Awiriwa akakumana mu mkodzo wochepa amagwirana zolimba, ndipo mwala umene amapanga ndi wouma, woderapo, nthawi zambiri wokhala ndi timinga. Palibe mankhwala akumwa, achipatala kapena achikuda, amene amausungunula ukapangika. Ndinene momveka pamenepa, chifukwa anthu akuwononga ndalama zambiri pa mabotolo ogulitsidwa m'misika olonjeza kutsuka impso. Mwala wa kashiamu umatuluka wokha ngati uli waung'ono, apo ayi amauchotsa kapena kuuphwanya kuchipatala.

Mtundu wachiwiri ndi wa yuriki asidi, pafupifupi mwala umodzi pa khumi. Yuriki asidi ndi zotsalira thupi likagaya nyama, makamaka zam'kati monga chiwindi ndi impso, komanso nsomba zing'onozing'ono. Koma chimene chimaumitsa mwala umenewu kwenikweni ndi mkodzo wowawasa kwambiri, umene pa muyezo wa kuchipatala uli pansi pa 5.5. Mkodzo wotere umapezeka kwambiri mwa anthu a matenda a shuga, onenepa kwambiri, a nyamakazi yotupitsa chala chachikulu chakuphazi, ndiponso amene amatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali. Mwala umenewu uli ndi zodabwitsa ziwiri. Suoneka pa ekisire wamba, choncho munthu atha kuuzidwa kuti chithunzi chilibe kanthu pamene mwala ulipo. Komanso ndi mtundu umene umatheka kusungunuka, dokotala akapereka mankhwala ochepetsa kuwawasa kwa mkodzo kwa milungu ingapo.

Wachitatu ndi umene ine ndimauopa kwambiri, ndipo amayi amvetsere, chifukwa umakonda iwo. Ndi mwala wobwera ndi tizilombo, dzina lake situluvaiti. Pali mabakiteriya ena amene akalowa m'njira ya mkodzo amaphwanya zina za mu mkodzowo n'kutulutsa amoniya. Mkodzo umanunkha kwambiri, umachita mbuu, ndipo michere ina imaundana mofulumira. Mwala umenewu utha kudzaza mkati monse mwa impso, n'kuchita nthambi, koma osapweteka modzidzimutsa. Mayi amangodandaula msana, kutentha pokodza, ndi kuphwanya thupi kobwerezabwereza. Amagula makapusozi awiri atatu pagolosale, zimaleka, mwezi wamawa zabweranso. Tizilomboto timabisala mkati mwa mwalawo kumene mankhwala safika, ndiye mwala ukapanda kuchotsedwa wonse matenda satha, ndipo impso imafa pang'onopang'ono. Apa madzi ndi kadyedwe pazokha sizikwanira. Amene matenda a m'njira ya mkodzo amawabwerera katatu pachaka apemphe kuti awaunike impso.

Ilipo ina yosowa. Wina ndi wa sisitini, wakumtundu, umene umayamba munthu akadali mwana kapena wachinyamata. Ina imachokera ku mankhwala. Mwa mankhwala otalikitsa moyo, atazanavi amatha kuundana mu mkodzo wochepa. Amene mukumwa mankhwalawa musasiye ngakhale tsiku limodzi. Imwani madzi okwanira, ndipo mukamva ululu wa m'mbali kawauzeni kumene mumalandirako mankhwala.

Tsopano tibwerere ku mwala wa kashiamu uja, ndipo tiyerekeze munthu mmodzi kuti tione mmene umapangikira. Tinene kuti ndi bambo wa zaka 40, wa ku Bembeke, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi kudimba. Ndi mwezi wa Julaye. Amadzuka kukadali chifunga, amamwa kapu ya tiyi ndi mbatata yophika, n'kunyamula makheni ake othirira. Botolo la madzi satenga, angatengerenji kukuzizira chotere? Amatunga ndi kuthirira mpaka dzuwa lifike paliwombo, juzi ili m'thupi, msana uli chinyezi. Masana amamwa chikho cha thobwa. Madzulo nsima ya bonongwe wotendera ndi kausipa kouma, akatha amatsitsira kapu imodzi ya madzi. Usiku safuna kumwa zambiri, poopa kutuluka panja m'chisanu.

Tiwerengere. Zakumwa zake zonse zangokwana lita imodzi. Nsima ndi ndiwo zamupatsa madzi ena, tinene lita inanso. Koma mpweya wa m'chisanu kuno ndi wouma, ndipo kupuma kokha pamodzi ndi chinyezi chotuluka pakhungu zimadya pafupifupi lita imodzi ngakhale munthu atangokhala. Ntchito ya makheni ija yatenga theka la lita kapena kuposa apo. Zotsalira impso ndi kagawo kochepa, mwina theka la lita kapena kupitirirako pang'ono. Bamboyu akodza kawiri kapena katatu tsiku lonse, mkodzo wofiirira, wafungo. Koma kashiamu amene impso zake zikuyenera kutaya, mamiligalamu mwina 200, ndi okisaleti, mamiligalamu 30 kapena 40, sizinachepe. Zonsezo zapanikizana m'madzi ochepawo. Akanakodza malita awiri ndi theka, michere yomweyo ikanasukuluka kanayi kapena kasanu, ndipo poti onse awiri, kashiamu ndi okisaleti, asukuluka limodzi, mpata woti akumane n'kugwirana ukanatsika kwambiri. Ndiye taonani kuti Julaye akatha kukubwera Seputembala ndi Okutobala, dzuwa lowotcha, nthawi yogalauza ndi kupanga mizere, thukuta lachuluka koma chizolowezi chosamwa madzi chikadali chomwe chija. Kamwala kamene kanayamba m'chisanu kamakulira m'dzuwalo.

Kuti madzi amathandiza si nkhani yongomva. M'chaka cha 1996, dokotala Loris Borghi ndi anzake a mumzinda wa Parma ku Italy anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 199 amene anali atangodwala mwala wa kashiamu koyamba. Theka anawauza kuti azimwa madzi mpaka azikodza malita oposa awiri pa tsiku, osasintha china chilichonse. Theka linalo anangolisiya momwe linalili. Patatha zaka zisanu, mwa omwa madzi aja, anthu 12 pa 100 alionse anadwalanso. Mwa enawo anali 27 pa 100 alionse. Madzi okha anadula vutolo ndi theka n'kupitirira. Sanalithetse, dziwani zimenezo, chifukwa pali anthu amene impso zawo mwachibadwa zimataya kashiamu wambiri, ndipo ena ali ndi kachiwalo kena kapakhosi kamene kamakweza kashiamu m'magazi. Amenewo amafunika kuyezedwa ndi kulandira chithandizo china. Koma palibe njira ina yotchipa imene inaonetsa mphamvu yotere.

Chimene tikuyeza tsono ndi mkodzo umene ukutuluka. Munthu amene anadwalapo mwala afunika kukodza malita awiri mpaka awiri ndi theka pa tsiku. Kuti zimenezo zitheke amayenera kumwa malita awiri ndi theka mpaka atatu, ndiye kuti makapu khumi kapena khumi ndi awiri, ndipo tsiku logwira ntchito yathukuta awonjezere. Njira yosavuta ndi kudzaza botolo la malita awiri mmawa, kupita nalo kumunda kapena pamsika, n'kuonetsetsa kuti latha dzuwa lisanalowe, zinazo azipeze ku phala, thobwa ndi madzi a pachakudya. Kumwa zonse nthawi imodzi sikuthandiza, impso zimangotaya m'maola awiri, mkodzo n'kubwerera kukhala wofiirira. Ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi usiku, pamene munthu amatha maola asanu ndi atatu kapena kuposa osamwa kanthu, atangodya chakudya chachikulu cha tsikulo. N'chifukwa chake amene anadwalapo amalangizidwa kumwa kapu imodzi kapena awiri pogona, ndipo akadzuka kukataya madzi amwenso ina. Ndikudziwa kuti kutuluka panja usiku wa Julaye kuno si masewera, koma ululu wa mwala ndi wina. Ngati madzi ozizira akukuvutani kumeza, afunditseni, ntchito yake ndi yomweyo. Muziyang'ana mkodzo wanu. Ukakhala woyera kapena wachikasu chapatalipatali muli bwino. Ukafiirira masana, mwatsalira.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse, la madzi a pamjigo amene amasiya zoyera m'ketulo. Kodi si amenewo amene amabweretsa miyala? Zoyerazo ndi kashiamu ndithu, koma kafukufuku sanaonetse kuti anthu omwa madzi otere amadwala miyala kuposa anzawo. Kuwaopa n'kumamwa pang'ono ndiye koopsa. Chofunika n'chakuti madziwo akhale aukhondo, owiritsa kapena othira kulorini, poti kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Za mowa, ena amati umatsuka impso chifukwa umakodzetsa. Kachasu amakodzetsadi usiku, koma mmawa amasiya thupi louma ndi mkodzo wochepa, ndipo mowa umakweza yuriki asidi. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nazo zinapezeka kuti zimawonjezera chiopsezo mwa amene amamwa tsiku ndi tsiku. Tiyi ali ndi okisaleti ndithu, koma makapu awiri patsiku, makamaka wothira mkaka, si vuto. Madzi ofinyiramo mandimu ndi abwino, chifukwa mandimu ali ndi sitireti, amene amagwira kashiamu mu mkodzo asanakumane ndi okisaleti. Musayembekezere kuti asungunula mwala umene ulipo kale, ntchito yawo ndi yotchinga.

Chenjezo limodzi lisandipitirire. Amene muli ndi matenda a mtima otupitsa miyendo, kapena impso zanu zinafooka kale ndipo dokotala anakuikirani muyezo wa madzi, tsatirani muyezo wa dokotala wanu, osati wangawu.

Tifike kukhitchini tsopano, kumene anthu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Munthu akauzidwa kuti mwala wake ndi wa kashiamu, nzeru yoyamba imamuuza kuti asiye mkaka, chambiko ndi usipa. Madokotala nawo ankalangiza zomwezo kwa zaka zambiri. Koma mu 1993 kafukufuku wa ku Amereka wotsogozedwa ndi Gary Curhan, amene anatsatira amuna oposa 45,000, anapeza kuti amene ankadya zakudya za kashiamu wambiri ndi amene ankadwala miyala mocheperapo. Chifukwa chake chili m'matumbo. Kashiamu ndi okisaleti akakumana m'matumbo amagwirana komweko, ndipo akagwirana salowanso m'magazi, amatuluka ndi chimbudzi. Mukachotsa kashiamu m'mbale, okisaleti amatsala yekha, amalowa m'magazi, n'kukakumana ndi kashiamu mu impso, kumene thupi silisowa kashiamu chifukwa limatha kumutenga m'mafupa. Ndiye munthu wataya kawiri, mafupa afooka, mwala wakulanso.

Borghi yemwe uja anaziyesa zimenezi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2002. Anatenga amuna 120 amene miyala inkawabwerera. Amuna 60 anawachepetsera kashiamu monga mwa malangizo akale. Ena 60 anawasiyira kashiamu wokwanira koma anawachepetsera mchere ndi nyama. Patatha zaka zisanu, m'gulu lochepetsa kashiamu anadwalanso 23, pamene m'gulu lochepetsa mchere ndi nyama anadwalanso 12 okha.

Mchere umalowapo bwanji? Impso zikamataya mchere wowonjezera zimakokera kashiamu limodzi. Mukadya mchere wambiri, kashiamu wa mu mkodzo amakwera, ngakhale simunadye kashiamu wowonjezera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire magalamu asanu a mchere pa tsiku, imene ndi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Tsopano tayang'anani mmene timadyera. Mayi wathira mchere mumphika wa ndiwo, mwina wawonjezeramo kakyubu kokometsera kamene nakonso n'kamchere. Pamphasa pali kambale ka mchere, bambo akuwaza asanalawe n'komwe. Masana pachiwaya, tchipisi cha mbatata yathu yomweyi chikuviikidwa mu mchere wosakaniza ndi tsabola, nthuli iliyonse. Nsomba zina zouma zimabwera zitathiridwa kale mchere. Supuni ija yatha kusanade. Kwa bambo wa ku Bembeke uja, kuchotsa kambale ka mchere pamphasa ndi kunyika nsomba yamchere m'madzi asanaiphike kungamuthandize kuposa kusala ndiwo zilizonse. Lilime limadandaula milungu iwiri kapena itatu, kenako limazolowera.

Nanga masamba? Pamenepa ndikufuna tisamale, chifukwa sindikufuna kuti wina achoke pawailesi pano n'kukazula bonongwe kudimba. N'zoona kuti bonongwe ndi sipinachi zili ndi okisaleti wambiri, ndipo mtedza, mbatata ya kholowa ndi kachewere zili nayenso ndithu. Koma masamba ndi zipatso ndizo zimachepetsa kuwawasa kwa mkodzo ndi kukweza sitireti woteteza uja, ndipo m'makomo mwathu ambiri masamba ndiwo ndiwo zokha zimene zilipo. Munthu amene sanadwalepo mwala adye bonongwe wake mwamtendere. Amene anadwalapo, ndipo mwala wake unali wa okisaleti, achite zinthu zochepa izi. Asadye bonongwe kapena sipinachi tsiku lililonse, azisinthanitsa ndi mpiru, repu, tchainizi ndi kabichi, zimene Dedza ali nazo zambiri, ndipo zili ndi okisaleti wochepa koma kashiamu amene thupi limamulandira bwino. Tsiku lophika bonongwe amuwiritse m'madzi ambiri n'kutaya madzi oyambawo, chifukwa gawo lalikulu la okisaleti wosungunuka limapita ndi madziwo. Ndipo adyere limodzi ndi chakudya cha kashiamu pa nthawi yomweyo, kaya ndi kapu ya mkaka kapena chambiko, imene imapereka mamiligalamu pafupifupi 300 mwa 1,000 amene munthu wamkulu amafunika pa tsiku, kaya ndi kausipa kodya ndi minga yomwe. Mkaka wa mmawa sungagwire okisaleti wa madzulo, ziyenera kukumana m'mimba.

Usipa ndi matemba zili ndi mbali ziwiri, ndipo apa m'pamene kudziwa mtundu wa mwala kumathandiza. Kwa munthu wa mwala wa okisaleti, kausipa kochepa kopanda mchere wambiri ndi bwenzi chifukwa cha minga yake. Kwa munthu wa mwala wa yuriki asidi, usipa wambiri, chiwindi ndi zam'kati zam'chiwaya ndi zoyenera kuchepetsa. Za nyama sinditaya nthawi, chifukwa m'midzi mwathu ndi ochepa amene amaidya mopitirira. Uthengawo upite kwa a m'tauni amene kanyenya ndi wa tsiku ndi tsiku. Ndiwonjezere za mapiritsi a vitamini C amene anthu amagula okha nthawi ya chimfine. Thupi limasandutsa vitamini wowonjezerayo kukhala okisaleti, ndipo amuna omwa mamiligalamu 1,000 tsiku ndi tsiku anapezeka kuti amadwala miyala kwambiri. Lalanje ndi gwafa zilibe vuto limeneli.

Tsopano tinene kuti mwala wa bambo uja wathothoka. Ululu umayamba mwadzidzidzi kumbali imodzi ya msana, pansi pa nthiti, n'kumatsikira kuchinena, kwa amuna mpaka kumaliseche. Umabwera mwamphamvu, kulekeza, n'kubweranso. Munthu sapeza pogonera, amagubuduka, amadzuka, amagwada, nthawi zambiri amasanza. Izi zimasiyana ndi matenda ena a m'mimba amene wodwala amagona duu poopa kugwedezeka. Mkodzo utha kukhala ndi magazi. Koma magazi mu mkodzo asatipusitse, poti boma lathuli limatsika kuchoka kuphiri mpaka kunyanja. Amene amakhala kapena kuchita geni ku Golomoti ndi ku Mtakataka, magazi otuluka kumapeto kwa kukodza nthawi zambiri ndi likodzo. Ndipo likodzo losachizidwa limasiya zipsera m'njira ya mkodzo, mkodzo n'kumadikha, zimene zimaitananso tizilombo ndi miyala. Kuchipatala amayeza mkodzo n'kusiyanitsa.

Pa nthawi ya ululuyo anthu amakonda kumwetsa wodwala madzi ambirimbiri kuti akankhe mwala. Musatero. Njira ikatsekeka, madzi owonjezera amangotupitsa impso ndi kukulitsa ululu. Amwe mwachizolowezi, apite kuchipatala. Kumeneko amapereka mankhwala opha ululu, kawirikawiri a gulu la daikolofenaki, amene amagwira bwino pa ululu umenewu koma sayenera kwa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba ndi a impso zofooka, choncho musamangogula nokha. Amaunikanso ndi makina kuti aone ngati impso yatupa ndi kukula kwa mwalawo. Mwala wosapitirira mamilimita asanu nthawi zambiri umatuluka wokha m'masiku kapena milungu yochepa. Wopitirira mamilimita khumi kawirikawiri sutuluka, ndipo wodwala amatumizidwa kuchokera kuchipatala cha boma kuno ku Dedza kupita kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Ululu ukaleka si umboni woti mwala watuluka. Impso yotsekeka imatha kukhala chete uku ikuwonongeka, ndiye ngati simunauone mwalawo, bwererani akakuunikeninso pasanathe milungu inayi kapena isanu ndi umodzi.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Ululu wa m'mbali ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndiye kuti mwina tizilombo tatsekeredwa kuseri kwa mwala, ndipo titha kulowa m'magazi m'maola ochepa. Kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timathamangira kuti ndi malungo, koma wodwala wotere auze adokotala za ululu wa m'mbaliwo, ngakhale atamupeza ndi malungo. Chimodzimodzi ngati mkodzo wasiyiratu kutuluka, ngati kusanza sikuleka, ngati wodwalayo ndi woyembekezera, kapena ali ndi impso imodzi.

Amene mukudikira kuti mwala utuluke kunyumba, muzikodzera m'chitini n'kusefa mkodzowo pakansalu koyera. Kamwalako kakagwera pamenepo katsukeni, kaumitseni, mukaike m'kabotolo n'kupita nako kuchipatala. Ngakhale kumene kulibe makina oyezera miyala, maonekedwe ake, muyezo wa kuwawasa kwa mkodzo ndiponso ngati mwalawo unaoneka pa ekisire kapena ayi zimamuthandiza dokotala kudziwa kuti ndi wamtundu wanji. Pafupifupi theka la anthu amene adwala mwala kamodzi amadwalanso pasanathe zaka khumi ngati sanasinthe kanthu, choncho musachoke m'chipinda cha dokotala musanafunse kuti wanuwo ndi wa kashiamu, wa yuriki asidi kapena wa tizilombo, ndi kuti akuyezeni shuga ndi kashiamu wa m'magazi ngati aka si koyamba.